Kalata yotseguka kwa osunga kwacha yathu: tsekani khomo losindikizira ndalama kudakali bata

Olemekezeka a Nduna ya Zachuma, a Gavanala a Banki Yaikulu ya Zambia, ndi inu aphungu athu a ku Manda Hill,

Ndakupatsani moni mwaulemu wonse, ndipo ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mayi wa ku Matero, ndinagwira ntchito yowerengera ndalama mpaka kupuma, ndipo lero ndimasunga buku la chilimba cha amayi anzanga ogulitsa pamsika. Ndalemba poyera kuti ena amene sadzafika ku maofesi anu amve nawo, chifukwa nkhaniyi ndi ya ndalama zimene zili m'mipango yawo.

Ndiyambe ndi kuchotsa mantha. Sindikunena kuti Zambia ili m'moto wa mitengo ngati umene unapsereza Zimbabwe mu 2008. Akatswiri a zachuma amati mitengo yapenga ikamakwera ndi 50 peresenti pamwezi umodzi, ndiye kuti chinthu cha K100 mu Januwale chimafika pafupifupi K13,000 Januwale winayo. Ife tili kutali ndi zimenezo. Dandaulo langa ndi lakuti khomo limene moto wotere umalowera silikuonetsedwa kwa eni ndalama. Ziwerengero mumazitulutsa ndithu, koma m'Chingerezi, m'matebulo amene mayi wogulitsa kapenta ku Soweto sadzawaona. Nthawi yomweyo m'minibasi, makamaka kuyambira pamene K200 ndi K500 zinatuluka mu Malichi 2025, funso likumveka kawirikawiri: ngati boma lili ndi makina, bwanji osangosindikiza zambiri n'kulipira alimi, opuma pantchito ndi ngongole zonse? Funsoli si lopusa, ndipo anthu akusowa woti awayankhe m'chilankhulo chawo. Funso losayankhidwa lotere tsiku lina lidzapeza wandale wolisandutsa lonjezo la pamsonkhano.

Dandaulo loyamba, tsono, ndi lakuti anthu sanauzidwe kuti kusindikiza ndalama kumatanthauza chiyani. Pamene Banki Yaikulu ichotsa mapepala ong'ambika n'kuika atsopano, kapena pamene inadula maziro atatu pa 1 Januwale 2013 kuti K50,000 ikhale K50, ndalama m'dziko sizinachuluke. Choopsa chimachitika mwakachetechete, popanda makina kulira. Boma lili ndi akaunti yake ku Banki Yaikulu. Misonkho ikaperewera, ndipo obwereketsa akakana kapena akafuna chiwongoladzanja chachikulu, boma limalemba pepala la ngongole n'kulipereka ku Banki Yaikulu, bankiyo n'kulemba nambala mu akaunti ya boma. Ndalama zimenezo sizinachoke m'thumba la munthu aliyense, zabadwa pa kompyuta. Boma limalipira nazo malipiro, makontrakitala ndi ogulitsa feteleza, iwo n'kupita nazo kumsika. Mapepala enieni amasindikizidwa pambuyo pake, anthu akayamba kukatapa ku mabanki. Kumsikako matumba a ufa akadali omwe aja, malita a petulo akadali omwe aja, koma kwacha zowathamangira zachuluka. Zili ngati kuthira madzi mu msuzi alendo akachuluka: mbale zonse zidzaza, koma nyama ikadali yomwe ija, ndipo wotumikiridwa pomaliza amangomwa madzi.

Maboma amene amachita zimenezi sikuti sadziwa. Amachita chifukwa njira zinazo zimawawa pompopompo. Kukweza msonkho kumafuna kudutsa m'Nyumba ya Malamulo ndipo anthu amakuwa. Kudula malipiro kumabweretsa sitalaka. Kubwereka ku Banki Yaikulu sikufuna voti, ndipo ululu wake umafika patapita miyezi, pamene munthu angathe kuloza chala wamalonda, chilala kapena adani akunja. Koma ndi msonkho ndithu, ndipo amaulipira ndi yense amene wagwira kwacha m'manja. Wolemera ali ndi nyumba ku Kabulonga, munda ndi akaunti ya madola, zinthu zimene zimakwera limodzi ndi mitengo. Wolipira kwambiri ndi mlonda, namwino, wopuma pantchito ndi mayi wa chilimba.

Ndiloleni ndikuonetseni ndi buku langa, mwa chitsanzo chabe. Tinene kuti amayi 10 amasonkha K500 aliyense pamwezi, ndipo mmodzi amatenga K5,000 yonse. Tinene kuti thumba la ufa lili pa K250 mwezi woyamba. Woyamba kulandira agula matumba 20. Ngati mitengo ikukwera ndi 15 peresenti pachaka, mayi womaliza, amene alandira patapita miyezi 9, apeza thumba lili pafupifupi K278, agula matumba 18. Adandaula, koma chaka chamawa alowanso chilimba. Ngati mitengo ikukwera monga inkakwerera kuno mu 1993, thumba lomwelo lifika cha m'ma K545, iye n'kugula matumba 9. Ngati ikukwera ndi 50 peresenti pamwezi, wachiwiri apeza thumba lili pa K375, wachitatu pa K562, ndipo womaliza alipeza lapitirira K9,600. K5,000 yake, imene wakhala akusonkhera mokhulupirika mwezi ndi mwezi, imugulira theka la thumba. Palibe amene wathawa ndi ndalama, palibe amene waphonya kusonkha, buku lili bwino lomwe, koma mmodzi wadya matumba 20 ndipo mnzake theka. Chikachitika chimenechi palibe adzavomere kukhala womaliza, ndipo chilimba chimatha ndi mkangano pakati pa anthu amene amapemphera tchalitchi chimodzi. Wa kantemba amaleka kukongoza shuga mpaka kutha kwa mwezi. Mwini nyumba amafuna lendi ya madola. Wa kaloba yekha ndiye amatsala, ndipo amafuna ndalama yake pakutha pa sabata. Mabanki, makampani a inshuwalansi ndi thumba la penshoni zimagwa mwa njira yomweyi, kusiyana kwake ndi kukula kokha.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti phunziro la anansi athu a kutsidya kwa Chirundu timalitenga ngati nthabwala. Ambiri tinaonapo pepala la madola 100 thililiyoni a Zimbabwe likugulitsidwa kwa alendo ku Livingstone, tinaseka. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chofunika kuona ndi mmene zinayambira, chifukwa sizinayambe ndi mathililiyoni.

Pa ufulu wawo mu 1980, dola ya Zimbabwe inali yamphamvu kuposa ya America. Mu 1997 asilikali akale a nkhondo ya ufulu anakakamiza boma la a Robert Mugabe kuti liwaganizire, ndipo ambiri mwa iwo anali osaukadi. Boma linalonjeza aliyense madola 50,000 a Zimbabwe nthawi imodzi ndi penshoni ya madola 2,000 pamwezi, ndalama zimene munalibe m'bajeti. Pa 14 Novembala 1997 dola yawo inagwa koopsa tsiku limodzi. Chaka chotsatira asilikali anatumizidwa kunkhondo ku Congo, ndalama zinanso zosakonzekera. Kuyambira 2000 minda ikuluikulu inalandidwa mwachangu, fodya ndi chimanga zinatsika, ndipo madola ochokera kunja anachepa limodzi ndi misonkho. Za chilungamo cha nkhani ya malo ndisiyira eni ake. Chimene ndikuloza ndi chakuti zokolola zikutsika, zolipira zikukwera, obwereketsa atatseka zitseko chifukwa cha ngongole zosabwezedwa, boma linatembenukira ku Banki Yaikulu.

Mu nthawi ya a Gideon Gono, amene anakhala gavanala kuyambira 2003, Banki Yaikulu ya Zimbabwe inayamba kugwira ntchito za maunduna. Inkagula mathirakitala, makasu a ng'ombe ndi ngolo n'kumagawa, inkapereka ngongole zotchipa kwa alimi ndi makampani, inkagula mafuta ndi chakudya. Chilichonse pachokha chinali ndi chifukwa chomveka, ndani angakane kuti mlimi afunika thirakitala? Koma zonse zinkalipiridwa ndi ndalama zongolenga. Ngongole zimene bankiyo inasiya, zoposa madola a America 1 biliyoni, zinasenzetsedwa kwa okhoma msonkho ndi lamulo la 2015, kuphatikizapo anthu amene thirakitala sanaikwerepo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachititsa kuti moto wotere ukayaka uzidzikolezera wokha, ndipo a Nduna mukuzidziwa bwino kuposa ine. Choyamba, msonkho umalowa mochedwa. Kampani imagulitsa lero n'kupereka msonkho wake mwezi wamawa kapena patapita miyezi itatu, pamene ndalamazo zatha mphamvu, koma boma limagula mafuta ndi mankhwala pa mtengo wa lero. Dzenje la m'bajeti limakula chifukwa cha kukwera kwa mitengo komweko, ndipo limakwiriridwa ndi ndalama zina zolenga. Chachiwiri, anthu amaphunzira. Wolandira malipiro m'mawa amathamanga kukagula chilichonse dzuwa lisanalowe, sopo, njerwa, madola, bola asagone ndi pepala. Ndalama ikamathamanga chonchi mitengo imakwera kuposa mmene boma likusindikizira, ndipo boma limafunika kusindikiza zochulukirapo kuti ligule zomwe linagula dzulo.

Boma la Zimbabwe linayesa kumenya utsi. Pakati pa 2007 linalamula kuti mitengo idulidwe ndi theka, eni masitolo ambiri anamangidwa, ndipo m'masabata ochepa mashelefu anayera, katundu n'kusamukira kumsika wamseri pa mtengo woposa wakale. Mabanki anaikidwa malire a ndalama zimene munthu angatape patsiku, mwakuti anthu ankagona pamzere kuti atenge ndalama zosakwana ulendo wa basi wobwerera kunyumba, zotsala mu akaunti zikusungunuka akuziona. Maziro anadulidwa katatu: atatu mu 2006, 10 mu Ogasiti 2008, ndi 12 mu Febuluwale 2009, onse pamodzi 25, koma ankabwerera chifukwa chowabereka chinali chisanachotsedwe. Chiwerengero chomaliza chimene boma linatulutsa, cha Julayi 2008, chinali 231 miliyoni peresenti pachaka. Pofika Novembala chaka chomwecho, akatswiri anawerengera kuti mitengo inkawirikiza kawiri pafupifupi tsiku lililonse. Aphunzitsi ndi anamwino analeka kupita kuntchito chifukwa malipiro sankakwana thiransipoti, ndipo kolera anapha anthu oposa 4,000. Ife a Lusaka tinawaona anzathuwo akutsika mabasi ndi maswiti, madoilo ndi mabisiketi, ena a iwo anthu ophunzira bwino, akugulitsa m'misewu kuti abwerere ndi ufa ndi mafuta ophikira.

Moto unazima mu 2009 pamene boma linavomereza zimene anthu anali atachita kale, kugwiritsa ntchito dola ya America ndi randi. Unazima msanga, chifukwa ndalama zimenezo Harare sakanatha kuzilenga. Koma taonani chimene chinachitikira wosunga. Mu 2015 Banki Yaikulu inatseka buku la dola yakale, ndipo akaunti iliyonse yokhala ndi ndalama zofika 175 yotsatidwa ndi maziro 15 inapatsidwa madola 5 a America. Pepala lija la 100 thililiyoni linasinthidwa ndi masenti 40. Munthu amene anadulidwa penshoni zaka 30, kapena amene analipira inshuwalansi ya maliro ndi ya sukulu ya ana osaphonya, anapeza kuti zonse zasanduka mtengo wa buledi wochepa. Boma linachita kukhazikitsa komishoni yotsogozedwa ndi woweruza wopuma, a George Smith, kuti ifufuze mmene penshoni ndi inshuwalansi zinasungunukira. Chimodzi mwa zimene zinapweteka matumba a penshoni n'chakuti lamulo linkawakakamiza kuika gawo la ndalama zawo m'mapepala a ngongole a boma, amene chiwongoladzanja chake chinali pansi kwambiri pa kukwera kwa mitengo.

Chikhulupiriro sichinabwerere ndi dola ya America. Mu 2016 kunatuluka mapepala a bondi, anthu n'kulonjezedwa kuti limodzi ndi lofanana ndi dola imodzi. Mu Febuluwale 2019 ndalama za m'mabanki, zimene anthu anasungitsa ngati madola a America, zinalengezedwa kuti ndi ndalama ya m'dziko, ndipo pofika pakati pa 2020 mitengo inkakwera ndi zoposa 800 peresenti pachaka. Anthu omwe aja anaberedwa kachiwiri m'zaka zosakwana 12. Mu Epulo 2024 kunabwera ndalama ina, ZiG, yoti ili ndi golide kumbuyo kwake, ndipo isanathe miyezi 6 inatsitsidwa mphamvu ndi zoposa 40 peresenti. Ngakhale gavanala wa lero atakhala woona mtima chotani, akulankhula ndi anthu amene anaphunzira kuti ndalama yosungika ndi ya pansi pa matiresi, ndipo ya dziko lina. Dziko lotero limasowa ndalama zobwereketsa kwa mlimi kapena womanga fakitale kwa zaka 10, chifukwa palibe wosungitsa kwa zaka 10.

Dandaulo lachitatu ndi lakuti mbiri yathu yomwe tikuiiwala. Kwacha itabadwa mu 1968 inali yamphamvu kuposa dola ya America. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, boma linapitiriza kulipirira ufa wotchipa ndi makampani ake otaya ndalama, poyamba ndi ngongole zakunja, kenako ndi ngongole za ku Banki Yaikulu. Amene tinalipo tikukumbukira mizere ya sopo ndi mafuta ophikira, makuponi a ufa a 1989, ndi zipolowe za Juni 1990 muno mu Lusaka pamene mtengo wa ufa unakwera kawiri, anthu n'kutaya miyoyo. Kuyambira 1989 mpaka 1993 mitengo inkakwera pafupifupi kawiri kapena kuposa chaka chilichonse, ndipo mu 1993 inakwera ndi pafupifupi 180 peresenti. Makolo athu amene anadulidwa ndalama za ukalamba m'zaka za kwacha yamphamvu anazilandira m'zaka za kwacha yofooka. Ndikudziwa nyumba zingapo kuno ku Matero zimene bambo anabwera ndi malipiro a moyo wake wonse wantchito, osakwana kugula malata a chipinda chimodzi. Pofika 2012 dola imodzi inali pafupifupi K5,000.

Chimene chinatibweza pamphepete chinali chosavuta kunena, chowawa kuchita. Mu 1993 boma linayamba bajeti yoti ligwiritse ntchito ndalama zokhazo zimene zalowa, osatapa ku Banki Yaikulu. Kukwera kwa mitengo kunatsika kufika cha m'ma 55 peresenti mu 1994 ndi 35 mu 1995. Mankhwalawo anali owawa, zipatala ndi masukulu zinkalandira zotsala malipiro akaperekedwa, ndipo ambiri anachotsedwa ntchito m'zaka zimenezo. Zinatitengera mpaka 2006 kuti tione kukwera kwa mitengo kotsika pansi pa 10 peresenti. Zaka zochepa zotapa zinalipiridwa ndi zaka zoposa 10 za kumanga lamba, ndipo olipira sanali omwe anatapa.

Posachedwapa tinayandikiranso khomo lomwelo. Mu Ogasiti 2020 gavanala wa Banki Yaikulu, a Denny Kalyalya, anachotsedwa mwadzidzidzi nthawi yawo isanathe, popanda chifukwa cholengezedwa. Mu Novembala chaka chomwecho dziko linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole yakunja, ndipo pakati pa 2021 mitengo inkakwera ndi 24.6 peresenti pachaka. Sindikuweruza chipani chilichonse, chifukwa chiyeso chimenechi chimagwera aliyense wokhala pampando pamene obwereketsa atseka zitseko ndipo masankho ali pafupi. Ndikuyamikira kuti mu 2022 munakhazikitsa lamulo latsopano la Banki Yaikulu lolimbikitsa kudziimira kwake. Koma lamulo limene anthu salidziwa likhoza kusinthidwa madzulo amodzi iwo ali kumsika.

Ndiyenera kunena chilungamo pa mbali ina. Si kukwera konse kwa mitengo kumene kumachokera ku kusindikiza. Chilala cha 2024 chinapsereza chimanga ndi kuphwetsa Kariba, ufa ndi makala zinakwera, ndipo palibe gavanala akanagwetsa mvula. Kukwera kotere kumawawa koma kumaima zokolola zikabwerera. Kumasanduka moto pamene boma liyankha chilala ndi ndalama zolenga, chaka ndi chaka. Ena amati, nanga America ndi Britain sanalenge ndalama zambiri nthawi ya mliri mu 2020? Analengadi, ndipo pofika pakati pa 2022 mitengo ku America inakwera ndi 9 peresenti, mabanki awo aakulu n'kukweza chiwongoladzanja mwamphamvu kuti azibweze, andale akudandaula koma osatha kuwaletsa. Iwo ngongole zawo zili m'ndalama zawo zomwe. Ife mafuta, feteleza, mankhwala ndi ngongole zambiri timalipira m'madola. Kwacha yolengedwa lero mawa ili pamzere wogula dola, dola n'kukwera, petulo n'kukwera, ndipo mtengo wa minibasi yochokera ku Chawama kupita m'tauni n'kutsatira.

Zizindikiro zake munthu wamba angathe kuziona ngati wauzidwa poyang'ana. Ngongole ya boma ku Banki Yaikulu ikamakula mwezi ndi mwezi osabwezedwa, ndiye chizindikiro chachikulu, ndipo n'chimene chimabisika kwambiri. Mtengo wa dola wa ku banki ukasiyana kutali ndi wa anyamata a mu msewu wa Katondo, anthu ayamba kuthawa kwacha. Banki Yaikulu ikayamba kugula zinthu za unduna wa zaulimi, ziwerengero za mitengo zikachedwa kutuluka, apolisi akayamba kuyendera masitolo ndi mndandanda wa mitengo, kapena banki ikakuuzani kuti ndalama zanu zomwe mutenge pang'ono pokha, ndiye kuti moto wafika kale padenga.

Chifukwa cha zonsezi, ndikupempha zinthu izi mwaulemu.

1. A Gavanala, mwezi uliwonse lengezani nambala imodzi yomveka: boma lili ndi ngongole ya ndalama zingati ku Banki Yaikulu, malire a lamulo ndi angati, ndipo mwezi wathawu zinali zingati. Muphatikizemo mapepala a ngongole a boma amene bankiyo yagula kwa ena, chifukwa khomo lakumbuyo ndi limenelo. Ziwerengedwe pa wailesi m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi ndi zilankhulo zina za dziko, tsiku lomwe ZamStats yalengeza za mitengo.

2. Aphungu, malire a ngongole imeneyi asadutsidwe kapena kusinthidwa popanda mkangano wapoyera ndi voti yolembedwa maina, kuti ife tidziwe amene anakweza dzanja. Pakagwa tsoka lenileni, ngongoleyo ikhale ndi tsiku lobwezera lolembedwa.

3. Gavanala asachotsedwe popanda chifukwa cholembedwa, chofufuzidwa ndi anthu oima paokha ndi kuikidwa pamaso pa Nyumba ya Malamulo. Munthu amene ntchito yake ndi kukana pempho la boma sangakane ngati angachotsedwe ndi chikalata cha mizere iwiri.

4. Banki Yaikulu isagule feteleza, chimanga, mafuta kapena mathirakitala, ndipo isabwereketse makampani a boma. Ngati FISP, FRA kapena ZESCO zikufuna ndalama, zidutse m'bajeti, pamene aphungu angafunse kuti zichokera kuti.

5. A Nduna, lonjezo lililonse latsopano la ndalama, makamaka m'chaka cha masankho, libwere ndi yankho la kumene ndalamazo zichokere: msonkho uti, kapena chidulidwe n'chiyani. Ngongole za boma kwa ogulitsa katundu, alimi ndi opuma pantchito zilengezedwenso miyezi itatu iliyonse, chifukwa mulu wa ngongole zosalipiridwa ndi umene umabala chiyeso chokatapa.

6. Ndalama za penshoni, za ku NAPSA ndi za matumba ena, zisakakamizidwe kubwerekedwa kwa boma pa chiwongoladzanja chotsika kuposa kukwera kwa mitengo. Membala aliyense chaka chilichonse auzidwe zinthu ziwiri pa pepala limodzi: ndalama zake zakula ndi zingati, ndipo mitengo yakwera ndi zingati. Mabanki nawonso alamulidwe kuonetsa manambala awiriwa pa akaunti zosungira, kuti wosunga aone yekha ngati akupindula kapena akudyedwa.

7. Tipatseni ife osunga pang'ono njira yosungira imene phindu lake limatsata kukwera kwa mitengo, yoti munthu alowe ndi K100 kapena K200 kudzera pa foni, ndipo gulu la chilimba lithe kulowa ngati gulu. Boma lokongola ndalama zotere silipindula kanthu mitengo ikakwera, ndipo chimenecho chidzatitsimikizira kuposa mawu a pa bajeti.

Pempho loyambalo silifuna lamulo latsopano kapena ndalama zakunja, chifukwa nambalayo ili kale m'mabuku anu pa Cairo Road. Ngati mungayankhe kalatayi, yambani ndi limenelo, ndipo muyankhe poyera m'chilankhulo chimene ndalembera, kuti ndikawerengere amayi a gulu lathu pa tsiku losonkha.

Ndine wanu mwaulemu,

Mlembi wa chilimba,
Matero, Lusaka